Nambala imodzi, mayina anayi: muphatikize ati, musiye ati

Foni ikulira, mukuyang'ana, dzina lomwe latuluka si la munthu amene akuimba. Mwayankha mwaulemu poganiza kuti ndi mayi wa m'nyumbamo, koma mawu ndi a bambo. Mukalowa mumndandanda wa mayina n'kulemba nambalayo, mukupeza kuti yakhala pa makhadi atatu kapena anayi, lililonse ndi dzina lake. Mukufufuta awiri, pakatha sabata abwereranso. Vutoli limatopetsa, ndipo ambiri amathamangira batani lophatikiza zonse nthawi imodzi kuti athane nalo. Batani limenelo ndi lomwe limawononga zambiri, chifukwa kufanana kwa nambala sikutanthauza kuti munthu ndi mmodzi.

Ndikanena khadi ndikutanthauza malo amene foni imasungapo za munthu mmodzi: dzina, nambala, imelo, tsiku lobadwa, chithunzi ndi zina. Ndifotokoza potsatira foni ya mchemwali wanga yomwe ndinakonza, ya Android. Nambala yomwe ndigwiritse ntchito, 07700 900123, ili m'gulu la manambala a ku Britain omwe anapatulidwa kuti azigwiritsidwa ntchito m'masewero ndi m'zitsanzo, choncho ilibe mwini. Mayinanso ndawasintha.

Chifukwa chake foni siiphatikiza yokha

Mndandanda womwe mumauona pafoni umaoneka ngati umodzi, koma umachokera m'nkhokwe zingapo. Mayina ena ali mu akaunti ya Google, ena mu akaunti yachiwiri ya kuntchito, ena ali m'foni mwenimweni osalumikizidwa ku akaunti iliyonse, ena ali pa simukhadi. Pa iPhone pamakhala iCloud, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso Gmail kapena akaunti ya kuntchito. Nkhokwe iliyonse imasunga khadi lake la munthu yemweyo, ndipo foni imayesa kuwaunjika pamodzi kuti inu muone dzina limodzi.

Pounjikapo, foni imadalira kwambiri dzina. Android imaika pamodzi makhadi awiri ngati mayina ali ofanana, kapena ngati mawu ake ndi omwewo koma asinthana malo, dzina la bambo kutsogolo dzina loyamba kumbuyo. Imatha kuwaikanso pamodzi ngati khadi lina lilibe dzina n'komwe koma nambala ikufanana. Koma makhadi onse awiri akakhala ndi mayina athunthu osiyana, imawasiya, ngakhale nambala ifanane ndendende. iPhone nayo, kuyambira pa iOS 16 ya mu 2022, imaonetsa uthenga wa Duplicates Found pamwamba pa mndandanda, koma zomwe imapeza ndi makhadi a mayina ofanana. "Chisomo Wamagetsi" ndi "Mlamu wa Tadala" siingawaone ngati munthu mmodzi.

Ine ndimaona kuti foni imachita bwino kukana. Banja limatha kugwiritsa ntchito foni imodzi. Anthu khumi a ofesi imodzi amakhala ndi nambala imodzi ya pakhomo. Makampani a mafoni amatenga nambala yomwe yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito n'kupatsa munthu wina. Foni ilibe njira yodziwira zimenezi. Wodziwa ndinu.

Musanakhudze kanthu

Tengani kope la mayina onse. Zimatenga mphindi ziwiri. Pakompyuta tsegulani contacts.google.com, sankhani Export, kenako vCard, ndipo mudzalandira fayilo yothera ndi .vcf. Isungeni ndi dzina lokhala ndi deti la tsikulo. Koma zindikirani kuti fayiloyi ili ndi mayina a akaunti imodzi yokhayo. Omwe ali m'foni mwenimweni ndi pa simukhadi mulibe. Amenewo muwatulutse kudzera mu pulogalamu ya Contacts ya pafoni, yomwe nayo ili ndi Export. Ngati muli ndi maakaunti awiri a Google, chitani kawiri.

Google ilinso ndi njira yobwezera mmbuyo. Pa contacts.google.com, dinani kagudumu ka makonzedwe, sankhani Undo changes, ndipo mungabwerere pa nthawi iliyonse m'masiku 30 apitawo. Ndi njira yabwino, koma imabweza mndandanda wonse, osati khadi limodzi. Mukabwerera ku sabata yatha, anthu onse omwe mwasunga m'sabatayi amachoka nawo. N'chifukwa chake ndimalemba papepala nthawi yomwe ndayamba ntchito. Ndikalakwitsa ndimabwerera pa ola lenilenilo, osataya zina. A iCloud ali ndi Restore Contacts pa iCloud.com, yomwenso imabweza mndandanda wonse monga unalili pa tsiku lomwe mwasankha.

Makhadi anayi aja

Pafoni ya mchemwali wanga, nditalemba manambala omaliza, 900123, panatuluka makhadi anayi. Musamalembe nambala yonse pofufuza. Lembani manambala asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri omaliza, chifukwa kutsogolo n'komwe kumasiyana: wina anasunga ndi 0, wina ndi +44, wina anaika mipata.

Loyamba linali "Chisomo Wamagetsi", mu akaunti yake yaikulu ya Google, nambala italembedwa +44 7700 900123, ndi chithunzi. Lachiwiri linali "Chisomo Wamage", pa simukhadi. Lachitatu linali "Mlamu wa Tadala", losungidwa m'foni mwenimweni, nambala italembedwa 07700900123, ndipo linali ndi nambala yachiwiri yomwe makhadi enawo analibe. Lachinayi linali "Mayamiko", mu akaunti yomweyo ya Google, lili ndi imelo ndi tsiku lobadwa.

Kuti mudziwe komwe khadi likukhala, litseguleni n'kutsikira pansi, kapena dinani Edit. Pulogalamu ya Google Contacts imaonetsa akaunti yomwe khadilo lasungidwamo, ndipo mafoni ena amaika kachizindikiro ka simukhadi kapena ka foni. Osadumpha gawo ili. Zonse zotsatira zikudalira kudziwa nkhokwe ya khadi lililonse.

Khadi lachiwiri silinavute kulizindikira. Werengani zilembo za "Chisomo Wamage" pamodzi ndi mpata: ndi 14. Simukhadi imakhala ndi malo ochepa a dzina, kawirikawiri zilembo za kuchuluka kotere, ndipo zotsalazo imangodula. Nthawi zambiri imasunganso nambala imodzi yokha pa dzina, moti munthu wa manambala awiri akamakoperedwa ku simukhadi amagawika pawiri, mwina ndi kachilembo kapena kanambala kowonjezera kumapeto kwa dzina. Mukaona dzina lodukira pakati pa mawu, dziwani kuti linadutsa pa simukhadi, ngakhale lero likhale mu akaunti.

Lachitatu linafuna kufunsa. Mchemwali wanga anakumbukira kuti tsiku loyamba kupatsidwa nambalayi sankadziwa dzina la munthuyo, anangolemba za yemwe anamupatsa. Patapita miyezi anasunganso ndi dzina lenileni, osadziwa kuti ilimo kale. Ameneyu ndi Chisomo yemweyo.

Lachinayi ndi limene likanatipweteka. Mayamiko ndi mkazi wa Chisomo. Foni yake itatayika, kwa kanthawi ankapezeka pa nambala ya mwamuna wake, ndipo mchemwali wanga anaika nambalayo pa khadi lake. Chomwe chinandiimitsa ndi imelo: dzina lomwe linali mu imeloyo silinkafanana ndi Chisomo mpang'ono pomwe. Tikanaphatikiza onse anayi, Chisomo akanatenga imelo ndi tsiku lobadwa la mkazi wake, ndipo dzina la Mayamiko likanasowa pamndandanda. Kulakwitsa kotere sikuonekera tsiku lomwelo. Kumadzaoneka patapita miyezi, pamene mwatumiza kalata ya ntchito kwa munthu wolakwika, kapena foni yakukumbutsani tsiku lobadwa la munthu amene sanabadwe tsikulo. Pofika nthawiyo masiku 30 obwezera aja anatha kale.

Choncho pa nambala iliyonse yokhala ndi mayina osiyana, yang'anani kaye zomwe sizikufanana, osati zomwe zikufanana. Maimelo awiri a mayina osiyana, masiku obadwa awiri, malo a ntchito awiri: izi zikusonyeza anthu awiri. Zikapanda kuoneka, tsegulani mauthenga akale a nambalayo. Ngati mauthenga a zaka zinayi zapitazo akukamba nkhani zina kotheratu ndi a chaka chino, ndipo pakati pake pali chete wa nthawi yaitali, mwina nambalayo inasintha mwini. Zikatero khadi lakalelo silofunika kuphatikiza. Mungochotsapo nambalayo, munthuyo mumusiye ndi zina zomwe muli nazo. Ndipo ngati mukukayikabe, imbani mufunse. Palibe pulogalamu yomwe ingapose funso loti "Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

Kulumikiza n'kosiyana ndi kuphatikiza

Mawu awiriwa mafoni amawasakaniza, ndipo apa m'pamene pamachokera kudandaula koti mayina akubwerera. Kulumikiza kuli ngati kumanga mapepala atatu ndi kawaya: mukuona la pamwamba lokha, koma onse atatu alipo, ndipo mungawamasule. Kuphatikiza ndi kukopera zonse papepala limodzi n'kutaya enawo.

Makhadi akakhala m'nkhokwe zosiyana, foni siingawaphatikize zenizeni. Imangowalumikiza. Pa Android, kulumikizako kumakhala m'foni yomweyo. Mukagula foni ina n'kulowa ndi akaunti yanu, kawaya kaja kulibe, ndipo makhadi aja amatulukanso payekhapayekha. Google imaphatikiza makhadi okhawo omwe ali mu akaunti imodzi. A maakaunti awiri osiyana siiwaphatikiza.

Kulumikiza kuli ndi malo ake. Ngati khadi lina lili mu akaunti ya kuntchito yomwe simukufuna kuisakaniza ndi yanu, lumikizani basi. Pa iPhone, tsegulani khadi limodzi, dinani Edit, tsikirani pansi pa link contacts, sankhani khadi linalo, kenako Link. Mayina a makhadi awiriwo sasintha, koma pamwamba pamaoneka limodzi. Ngati laoneka lomwe simukulifuna, tsegulani khadi lolumikizidwa lomwe lili ndi dzina labwinolo, dinani dzinalo, n'kusankha Use This Name For Unified Card. Anthu ambiri sadziwa kuti mwayi umenewu ulipo, amangomasula n'kuyambiranso.

Chenjezo limodzi pa makhadi olumikizidwa: pa Android, mukafufuta khadi lomwe mukuliona pamwamba, mumafufuta onse omwe ali pansi pake, ndipo kufufutako kumapita ku akaunti ndi ku zipangizo zanu zonse. Ngati mukufuna kuchotsa limodzi lokha, yambani mwawamasula.

Mmene tinakonzera

Tinayamba ndi Mayamiko, chifukwa bola akadali ndi nambalayo, pulogalamu iliyonse yofufuza makhadi obwereza ikhoza kumamukokera kwa mwamuna wake. Anali atagula kale foni ina, choncho tinangochotsa nambala ya Chisomo pa khadi lake n'kuikapo yatsopano. Makhadi anatsala atatu, onse a munthu mmodzi.

Chachiwiri, tinaonetsetsa kuti makhadi oti tiphatikize ali mu nkhokwe imodzi. "Mlamu wa Tadala" linali m'foni, ndiye mu Google Contacts tinalisankha, tinadina timadontho titatu, kenako Move to another account, n'kusankha akaunti yaikulu. Mafoni a Samsung ali ndi zofanana nazo pansi pa Manage contacts. Mayina a mabatani amasinthasintha pulogalamu ikakonzedwanso, koma mawu oti muwasake ndi Move, Merge ndi Link. La pa simukhadi sitinalisamutse. Linalibe chilichonse chomwe khadi loyamba linalibe, choncho tinangolifufuta pa simukhadipo. Kulisamutsa kukanangowonjezera khadi lina loti tiphatikize.

Chachitatu ndi chomwe ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, ndipo ambiri amachidumpha: fananitsani mayina musanaphatikize. Mukaphatikiza makhadi a mayina osiyana, pulogalamu ndiyo imasankha dzina loti lioneke, ndipo si nthawi zonse imasankha lomwe inu mukanasankha. Tinatsegula "Mlamu wa Tadala", tinasintha dzina kukhala "Chisomo Wamagetsi" ndendende, ndipo mawu akale aja tinawaika m'bokosi la Notes. Sitinawataye, chifukwa mchemwali wanga tsiku lina adzaiwala dzina la munthuyo koma adzakumbukira kuti ndi mlamu wa Tadala. Pali bokosi lina la Nickname lomwe limagwiranso ntchito imeneyi. A iPhone asamale nalo: ngati Prefer Nicknames yayatsidwa pansi pa Short Name, foni iziyamba kuonetsa dzina la m'bokosilo m'malo mwa dzina lenileni, makamaka pa mauthenga.

Tili pomwepo tinakonzanso nambala. Tinalemba +44 7700 900123 pa makhadi onse awiri. Kalembedwe ka dziko lonse, komwe kamatchedwa E.164, n'koti muyambe ndi +, kenako nambala ya dziko, kenako nambala ya munthu, ndipo zonse pamodzi zisapitirire manambala 15. M'mayiko ambiri 0 wa kutsogolo amachoka mukaika nambala ya dziko. Ku Italy manambala a mafoni a m'nyumba amasunga 0 wakeyo, choncho musangochotsa osaganiza. Mukapanda kufananitsa kalembedwe, khadi lophatikizidwa likhoza kutuluka ndi nambala imodzi kawiri, ina ya 0 ina ya +, ndipo nthawi iliyonse mukafuna kuimba foni izikufunsani kuti musankhe iti.

Pomaliza tinaphatikiza. Ndimakonda kuchitira pakompyuta chifukwa zomwe zachitika pa contacts.google.com zachitika mu akaunti mwenimweni, osati pafoni imodzi. Chongani makhadi awiriwo, dinani chizindikiro cha Merge pamwamba. Tikanakhala ndi fayilo ya vCard ya khadi lomwe linatuluka, mkati mwake mukanaoneka motere:

```
BEGIN:VCARD
VERSION:3.0
FN:Chisomo Wamagetsi
N:Wamagetsi;Chisomo;;;
TEL;TYPE=CELL:+447700900123
TEL;TYPE=CELL:+447700900456
NOTE:Mlamu wa Tadala
END:VCARD
```

Mzere wachiwiri wa TEL ndi nambala ija yomwe inali pa khadi la "Mlamu wa Tadala" lokha. Tikanangofufuta khadilo poganiza kuti ndi lobwereza, nambalayi ikanapita nalo. Mukamaliza kuphatikiza, tsegulani khadi n'kuwerenga manambala ndi maimelo kuti muone ngati onse afika.

Anthu awiri akamagwiritsadi ntchito nambala imodzi

Bwanji Mayamiko akanakhala kuti alibe nambala ina? Apa palibe choti muphatikize, koma vuto la dzina lolakwika pakulira kwa foni likadalipo. Nambala ikakhala pa makhadi awiri, iPhone imaonetsa mayina onse awiri ndi mawu oti or pakati. Android imangotenga limodzi, ndipo simungadalire kuti izitenga liti.

Njira yomwe ndimatsata ndi yoti nambala iliyonse ikhale pa khadi limodzi lokha. Ngati foniyo ili ndi mwini wake weniweni, nambala ikhale pa khadi la mwiniyo. Pa khadi la winayo, ichotseni m'bokosi la nambala n'kulemba mu Notes kuti "amapezeka pa foni ya Chisomo". Nambala ikakhala mu Notes, foni siigwiritsa ntchito posankha dzina la woimba. Ngati ndi nambala ya pakhomo kapena ya ofesi, pangani khadi lakelake, monga "Kunyumba kwa Chisomo ndi Mayamiko", ndipo muichotse pa makhadi a anthuwo. Foni ikalira mudzaona zoona: akuimba ndi wina wa m'nyumbamo, simukudziwa kuti ndani.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Mukafuna kuimbira Mayamiko simungangodina pa khadi lake, muyenera kupita pa khadi lina. Kwa munthu amene mumamuimbira tsiku ndi tsiku mwina mungasankhe kusiya nambala pa makhadi onse awiri n'kuvomera kusokonekerako. Mukatero, Merge & fix ya Google ikadzakupatsani awiriwo kuti muwaphatikize, dinani Dismiss. Musadine Merge all musanawerenge gulu lililonse. Chimodzimodzi pa Merge contacts ya Samsung, yomwe imaunjika makhadi potengera nambala, imelo kapena dzina: gulu la manambala ofanana ndi lomwe muyenera kuliwerenga mofatsa, mzere ndi mzere.

Akakhala mazana

Nambala imodzi ndi ntchito ya mphindi khumi. Koma ngati muli ndi mayina zikwi ziwiri ndipo simukudziwa kuti ndi manambala angati omwe ali ndi vutoli, muyenera kuona onse patebulo limodzi. Pa contacts.google.com sankhani Export, kenako Google CSV. Itseguleni mu Google Sheets kudzera pa Import, ndipo muchotse chochonga pa Convert text to numbers, dates, and formulas. Mukapanda kutero, kapena mukangoidina kawiri kuti itseguke mu Excel, pulogalamuyo imaona manambala a foni ngati a masamu: imachotsa 0 wa kutsogolo, imachotsa +, ndipo nambala yaitali imasanduka chinthu chonga 4.477E+11. Fayilo yotere ikasungidwa n'kubwezeredwa mu akaunti, manambala awonongeka.

Pezani mzati wa Phone 1 - Value. Tiyerekeze kuti ndi mzati S. Mu mzati wopanda kanthu, tinene kuti Z, lembani izi kuti muchotse mipata ndi zizindikiro, kutsale manambala asanu ndi anayi omaliza:

```
=RIGHT(REGEXREPLACE(TO_TEXT(S2),"[^0-9]",""),9)
```

Mu mzati wotsatira werengani kuti nambala iliyonse yapezeka kangati:

```
=IF(Z2="",0,COUNTIF(Z:Z,Z2))
```

Kokerani mizere iwiriyi mpaka pansi, sefani kuti muone yokhayo yopitirira 1, n'kusanja potengera mzati Z. Pa chitsanzo chathu, 07700900123 ndi +44 7700 900123 onse asanduka 700900123 ndipo akhala moyandikana, mayina awo osiyana akuoneka pambali. Njirayi ili ndi malire awiri. Imayang'ana nambala yoyamba yokha, ndiye ngati nambala yobwerezayo ili pa Phone 2 - Value ya khadi lina, muyenera kubwereza pa mzati umenewo. Komanso bokosi limodzi likhoza kukhala ndi manambala awiri olekanitsidwa ndi ::: ndipo fomulayi ingotenga womaliza.

Tebuloli ndi loonera basi. Musalikonze n'kulibwezera mu akaunti, chifukwa kulowetsa fayilo kumawonjezera makhadi pa omwe alipo kale, ndipo mukhoza kupezeka ndi munthu aliyense kawiri. Liikeni pambali ngati mndandanda wa ntchito, kukonzako muzichitira pa contacts.google.com, nambala imodzi imodzi.

Akabwereranso

Mwaphatikiza bwinobwino, patapita masiku "Chisomo Wamage" watulukanso. Tsegulani khadi lobwereralo muone nkhokwe yake, chifukwa ndiyo ikuuzeni komwe lachokera.

Ngati lili pa simukhadi, ndiye kuti silinachoke. Munangolilumikiza kapena kulibisa, ndipo mutasuntha simukhadi kapena kuyatsanso foni laonekeranso. Lifufuteni pa simukhadipo, kapena uzani pulogalamu kuti isamaonetse mayina a pa simukhadi. Ngati lili mu akaunti koma dzina ndi lodukira, wina anadina Import from SIM pokonza foni yatsopano. iPhone siisunga mayina pa simukhadi, koma ili ndi Import SIM Contacts, ndipo batani limenelo limabweretsa zakale zonse zomwe zili pa simukhadiyo.

Ngati lili mu akaunti ndipo ndi lofanana ndi lomwe munaphatikiza, ganizirani za chipangizo china. Foni yakale ya mudirowa, tabuleti, kompyuta ya kuntchito: chilichonse chomwe chili ndi kope lakale la mayina chikhoza kuwatumiza ku akaunti chikalowanso pa intaneti, makamaka ngati mwavomera kuti mayina a m'chipangizocho asungidwe ku akaunti. Musanayatse intaneti pa foni yakale, zimitsani kulunzanitsa kwa mayina.

Ngati makhadi atsopano akungobadwa m'nkhokwe yolakwika, vuto ndi malo omwe foni imasungira mayina atsopano. Mu Google Contacts, pa Settings pali Default account for new contacts. Pa iPhone ndi Default Account pa makonzedwe a Contacts. Ikani akaunti imodzi yomwe mwasankha. Foni ya mchemwali wanga inkasunga m'foni mwenimweni kuyambira tsiku lomwe anaigula, ndipo n'komwe "Mlamu wa Tadala" anachokera.

Nthawi zina dzina lakale likuoneka koma khadi lake kulibe. WhatsApp imatenga mayina pamndandanda wa foni ndipo imatha kuchedwa kuona kusintha. Pa Android, tsegulani poyambira macheza atsopano, dinani timadontho titatu, kenako Refresh. Dzina lokhala ndi chizindikiro cha ~ kutsogolo si lanu. Ndi lomwe mwini nambala anadzilembera yekha, ndipo limaoneka nambalayo ikakhala kuti simunaisunge. Mukaliona mutangomaliza kukonza, ndi chizindikiro choti nambalayo yachoka pamndandanda wanu kapena mwailemba molakwika, mwina simunachotse 0 pambuyo pa nambala ya dziko. Mapulogalamu ozindikira woimba, monga Truecaller, amakhala ndi nkhokwe yawoyawo ya mayina, ndipo dzina la pa iPhone loyamba ndi Maybe: ndi longoyerekeza kuchokera m'maimelo kapena mauthenga anu. Onsewa simungawakonze ndi kuphatikiza, chifukwa si makhadi.

Kuti mutsimikize kuti ntchito yatha, musadalire mndandanda wokha. Tsegulani podinira manambala oimbira, lembani nambalayo osaimba, muone mayina omwe akutuluka. Liyenera kukhala limodzi. Kenako lowani pa contacts.google.com kapena iCloud.com mufufuze manambala omaliza aja. Ngati pafoni pali khadi limodzi koma mu akaunti muli awiri, mwangolumikiza, ndipo adzabwerera pa foni yotsatira. Ife tinapempha Chisomo kuti aimbe. Dzina lake linatuluka ndi chithunzi chake. Kenako Mayamiko anaimba pa nambala yake yatsopano, ndipo panatuluka lake.